Thiransifoma ya 315 kVA pambali pa ya 500 kVA: patatha miyezi 10

"Achimwene, thiransifoma yathu ya 500 kVA yayamba kuchepa. Ndapeza ya 315 kVA yotchipa, ngati munagula inu ija. Yakale ndi ya 5%, iyi ndi ya 4%. Ndikazilumikiza pamodzi ndipeza 815 kVA? Nanga iyambe kulemedwa ndi iti?"

Mupeza 715 kVA, achimwene, ndipo yoyamba kulemedwa ndi yatsopanoyo. Zili chonchi pa chigayo chathu cha ufa, pomwe mathiransifoma a manambala omwewa akhala pa basibala imodzi miyezi 10.

Thiransifoma yatsopanoyo payokha ilibe vuto. Siyidontha mafuta, siyilira mokweza, ndipo pa 11 kV imatulutsa 400 V monga inalembedwera. Onse awiri ndi a Dyn11, kutanthauza kuti mawaya awo a m'kati analumikizidwa mofanana, ndiye kulumikiza sikunavute. Vuto lili pa nambala yaing'ono yolembedwa kuti %Z pa kapuleti kake, yomwe wogulitsa sanafunse n'komwe.

Nambalayi ndi ya impidensi. Imanena kuti magetsi amatsika mochuluka bwanji m'kati mwa thiransifoma ikasenza katundu wake wonse. Mathiransifoma awiri akamangidwa pamodzi uku ndi uku, kutsika kwa magetsi m'kati mwawo kumakakamizika kufanana. Ya 4% imafika pa katundu wake wonse magetsi akatsika ndi 4%. Pa kutsika komweko ya 5% imakhala itangofika pa magawo anayi mwa asanu a mphamvu zake. Siingapitirire pamenepo popanda kukankhira inzake kudutsa malire. N'chifukwa chake yoyamba kulemedwa nthawi zonse ndi ya %Z yochepa, kaya ndi yaikulu kaya ndi yaing'ono.

Masamu ake mukhoza kuwachita pa kapepala musanalipire ndalama iliyonse:

```
500 / 5 = 100
315 / 4 = 78.75
(100 + 78.75) x 4 = 715 kVA
```

Katundu amagawidwa molingana ndi 100 ndi 78.75, ndiye kuti yakale imatenga 56 pa 100 alionse, yatsopano 44. Pa 715 kVA yatsopano yadzaza pa 315, yakale ili pa 400 ndipo 100 kVA yake yangokhala.

Miyezi yoyamba izi sizioneka chifukwa katundu amakhala pansi pa malire. Kwathu zinaonekera mu Okutobala, chimanga chitachuluka komanso kukutentha. Katundu atafika pa 750 kVA, kilampu mita inaonetsa 477 A pa yatsopano, yomwe malire ake ndi 455 A. Yakale, ya malire a 722 A, inali pa 606 A basi. Mita yaikulu ya pa bolodi inkaonetsa kuti malo akadalipo, chifukwa imawerenga zonse pamodzi ndipo munthu amafanizira ndi 815. Thanki ya yatsopano inali yosakhudzika ndi dzanja pomwe inzake inali yofunda chabe.

Masana ena makina onse atayatsidwa katundu anakwera kufika cha pa 790 kVA. Yatsopano inali pa 502 A kwa nthawi yaitali mpaka buleka yake inagwa. Katundu yense, 1,140 A, anatsalira yakale yokha, ndipo nayo buleka yake inatsatira. Chigayo chonse chinazima ngakhale kuti katunduyo sanafike pa 815 kVA yomwe tinaigula. Koma kugwa kwa buleka ndi chifundo. Choopsa ndi pamene wina akweza malire a buleka kuti isamavute. Kutentha kwa mawaya a m'kati kumakwera mofulumira kuposa katundu: 110% ya katundu imabala 121% ya kutentha kochokera m'mawaya. Pepala lokutira mawayawo limakalamba mofulumira kawiri pa 6 °C iliyonse yowonjezera, ndipo zimenezi sizioneka kunja mpaka tsiku lomwe yapsa.

Wogulitsa atauzidwa anati tsitsani tapu ya yatsopano, siwichi yosinthira mavoti ake, ndi sitepe imodzi, ichepetsa kusenza. Musavomere zimenezi, ndapota nanu. Sitepe imodzi ndi 2.5%, ndipo kusiyana kumeneko kumayendetsa magetsi ozungulira pakati pa mathiransifoma awiriwo, osafika ku makina. Pa athuwa, impidensi zonse ziwiri zikawerengedwa pa muyeso wa 315 kVA zimakwana 7.15%, ndipo 2.5 kugawa ndi 7.15 ndi 35% ya 455 A. Amenewo ndi pafupifupi 160 A oyenda usana ndi usiku ngakhale chigayo chitatsekedwa. Masana nambala ya pa yatsopano imatsikadi, munthu n'kuganiza kuti wakonza, koma yakale yaonjezeredwa ntchito yopanda phindu ndipo kutentha kwa usiku mumalipira pa bilu. Kuti mudziwe ngati matapu akusiyana, zimitsani katundu yense n'kuyeza kebulo ya thiransifoma iliyonse. Ngati matapu akufanana, mita iyenera kuonetsa pafupifupi ziro.

Chomwe chinathandiza, ndipo sindinkayembekezera kuti chithandiza chonchi, ndi makapasita. Ma mota a chigayo ankakoka 750 kVA kuti agwire ntchito ya 600 kW, pawa fakita ili pa 0.8. Titaika makapasita a 250 kvar pawa fakita inakwera kufika pa 0.95, katundu n'kutsika kufika cha pa 630 kVA. Kagawanidwe sikanasinthe, kakadali 56 ndi 44, koma tsopano yatsopano ili pa 278 kVA, pansi pa malire ake. Gawo la bilu lowerengedwa pa kVA nalonso linatsika. Buleka siinagwenso.

Njira ina yosalira ndalama zambiri ndi kutsegula siwichi yolumikiza mabasibala awiri, n'kugawa makina: thiransifoma iliyonse idyetse akeake. Pamenepo %Z siilowereranso, koma muyenera kugawa mosamala chifukwa mota yaikulu ikamayatsidwa imatsamira thiransifoma imodzi yokha. Ena amaika riyakita pa ya 4% kuti ifike pa 5%. Pofunika ndi pafupifupi mamiliomu 5 pa fezi iliyonse, pamwamba pa 20 omwe ili nawo kale. Nambala zochepa chonchi zikuonetsanso kuti makebulo amawerengedwa. Yatsopano ikakhala pafupi ndi bolodi pa kebulo yaifupi yonenepa, yakale ili patali, kusiyanako kumakula.

Mukapita kwa wogulitsa, nyamulani chithunzi cha kapuleti ka yakaleyo ndipo mupemphe pepala la zoyeza za ku fakitale za thiransifoma yeniyeniyo, osati za m'kabuku ka malonda. Muyezo wa IEC 60076 umalola kuti impidensi ya pansi pa 10% isiyane ndi yolonjezedwa ndi gawo limodzi mwa 10. Yotchedwa ya 4% ikhoza kukhala 3.6%, ndipo pamenepo 715 kVA ija imatsika kufika pa 675.

Masiku ena ndikamaona chigayo chikuyenda bwino ndimati thiransifomayi ndi yabwino, ndipo n'zoona. Koma ndikakumbukira ndalama mtima umawawa. Tinalipira 315 kVA n'kupeza 215 yowonjezera, ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a ndalamazo linapita pachabe, kenako n'kugulanso makapasita. Wogulitsa anakana kusinthitsa ndi ya 5%, akuti pa oda tinangolemba kVA ndi mavoti, ndipo galanti yake siikhudza kulemetsa thiransifoma. Pa oda yanu lembanipo %Z ya 5, ndi mawu akuti ikagwira ntchito pamodzi ndi ya 500 kVA, iye asayine. Ya 4% yotchipayo mugule pokhapokha ngati mtengo wake mungauvomere pa 215 kVA, kapena ngati mwakonzeka kugawa bolodi pawiri.