Kuwiritsa kapena kuundanitsa: njira iti popeza kulemera kwa molo?

Njira ziwirizi zimayima pa mfundo imodzi. Mukasungunula chinthu m'madzi kapena m'chosungunulira china, mulingo wowira umakwera ndipo mulingo woundana umatsika. Kusinthako kumatengera kuchuluka kwa tizidutswa tosungunuka, osati mtundu wake. Choncho ngati mukudziwa magalamu amene mwathira, themometa ikuuzani mamolo, ndipo kugawa magalamu ndi mamolo kukupatsani kulemera kwa molo imodzi.

```
ΔTf = i × Kf × m
ΔTb = i × Kb × m
```

Apa ΔTf ndi kutsika kwa mulingo woundana, ΔTb ndi kukwera kwa mulingo wowira, Kf ndi Kb ndi manambala okhazikika a chosungunulira chilichonse, ndipo i ndi chiwerengero cha tizidutswa timene molekyu imodzi imapereka ikasungunuka, chimene chimakhala 1 ngati mamolekyu sagawika kapena kugwirana. Pomwe m ndi mamolo pa kilogalamu ya chosungunulira chokha, osati ya msakanizo wonse. Ambiri amaphonya pomwepa.

Kusiyana kwenikweni kuli pa Kf ndi Kb. Pa madzi, Kf ndi 1.86 pomwe Kb ndi 0.512 basi. Pa saikulohekiseni, Kf ili pafupifupi 20.0 ndipo Kb ili pafupifupi 2.8. Tiyerekeze kuti mwasungunula magalamu 0.50 a chinthu chosadziwika m'magalamu 25.0 a saikulohekiseni. Payekha saikulohekiseni amaundana pa 6.5 °C, koma msakanizo wanu waundana pa 3.4 °C. Watsika ndi madigiri 3.1. Mukagawa 3.1 ndi 20.0 mupeza mamolo 0.155 pa kilogalamu. Chulukitsani ndi makilogalamu 0.025, mupeza mamolo 0.00388. Magalamu 0.50 kugawa ndi mamolo amenewa akupatsani 129, zomwe zikuyandikira nafitalini, amene molo yake imalemera magalamu 128.

Msakanizo womwewo mukauwiritsa, mulingo ungokwera ndi madigiri 0.43. Themometa ikakunamizani ndi 0.1, pa kuundanitsa yankho lisokonekera ndi 3 peresenti, koma pa kuwiritsa lisokonekera kupitirira 20 peresenti. Kwa ine nkhani imathera pamenepa, ngakhale kuti kuwiritsa kuli ndi mavuto enanso.

Loyamba ndi mphamvu ya mpweya. Mulingo wowira wa madzi umasuntha ndi madigiri pafupifupi 0.28 mphamvuyo ikasintha ndi kilopasikalo imodzi, ndiye mukayeza madzi okha m'mawa, msakanizo madzulo, nyengo ikhoza kukuwonongerani yankho. Muziyeza zonse ziwiri motsatizana. Komanso chosungunulira chimathawa ngati nthunzi, msakanizo n'kumakhathamira, mulingo n'kumakwerabe. Zikatero kulemera kwa molo kumaoneka kochepa kuposa kwenikweni. Pamafunika chipangizo chozizitsa nthunzi kuti ibwerere m'botolo, ndi timiyala toletsa kuwira modzidzimutsa. Nsonga ya themometa iyenera kukhudza msakanizo wowirawo, chifukwa nthunzi yokha ndi ya chosungunulira chosasakanizika. Ndipo ngati chinthu chanu nacho chimauluka mosavuta, njirayi isiyeni.

Kuundanitsa sikuti kulibe msampha. Ikani msakanizo m'chubu, chubucho muchilowetse m'chubu china chachikulu kuti mpweya wa pakati uchedwetse kuzizira, kenako zonse muziviike m'madzi okhala ndi ayezi. Ngati chosungunulira ndi madzi, onjezani mchere ku ayeziyo kuti azizire kupitirira 0 °C. Muzitakasa osalekeza, n'kumalemba mulingo pa masekondi 30 alionse. Kawirikawiri mulingo umatsika kupyola poyenera popanda chilichonse kuundana, kenako tizibenthu tikayamba kupangika umadumpha n'kubwerera m'mwamba. Pansi pamene unafikapo si yankho lanu ayi.

Pa gilafu, chosungunulira chokha chimapereka mzere wogona pamene chikuundana. Msakanizo supereka mzere wogona: umatsetsereka pang'onopang'ono, chifukwa chimene chikuundana ndi chosungunulira chokha, ndipo chotsalacho chikukhathamirakhathamira. Jambulani mzere wowongoka pa gawo loyamba lotsika msanga, wina pa gawo lotsetsereka, ndipo pamene yakumana ndi pa mulingo woundana. Mukawerenga mochedwa, ΔTf ikula ndipo kulemera kwa molo kuchepa.

Pali vuto limodzi limene njira zonse ziwiri sizingalizembe, ndilo i. Mchere wa NaCl m'madzi umagawika pawiri, ndiye mukaiwala zimenezi mupeza nambala yoyandikira theka la 58.4. Asidi wa benzoiki mu benzini amachita zosiyana: mamolekyu ake amagwirana awiriawiri, ndipo m'malo mwa 122 mupeza nambala yoyandikira 244. Kuyeza pa misakanizo iwiri kapena itatu yokhathamira mosiyana kumaulula zoterezi, chifukwa yankho limasunthasuntha.

Kuwiritsa kumapambana pokhapokha ngati chinthucho chimasungunuka pa kutentha kokha, n'kutuluka m'msakanizo chikazizira. Ngati muli nacho chochepa kwambiri, chisakanizeni ndi kamfa n'kuyeza kutsika kwa mulingo woundana wa kamfayo, monga mwa njira ya Rast. Kf ya kamfa ili pafupifupi 40, moti mamiligalamu ochepa ndi themometa wamba zimakwanira. Zinthu za mamolekyu akuluakulu monga mapulotini sizisuntha themometa mooneka pa njira zonse ziwiri, ndipo zimenezo zimayezedwa ndi mphamvu ya osimosisi.