Malikisi ambiri apite ku satifiketi kapena ku ntchito yomwe munthu anamaliza?

Posankha woyang'anira pulojekiti, komiti imakhala ndi malikisi 100 oti igawe. Njira yoyamba imapereka 50 ku masatifiketi, 30 ku kudziwa njira zoyendetsera ntchito monga Agile kapena PRINCE2, ndi 20 ku kukula kwa mapulojekiti omwe munthuyo anayendetsapo. Yachiwiri imatembenuza: 50 ku kukula, 30 ku njira, 20 ku masatifiketi.

Tiyerekeze anthu awiri, aliyense tikumupatsa malikisi pa 10. Woyamba wapeza 9 pa masatifiketi, 6 pa njira, 3 pa kukula. Wachiwiri wapeza 4, 7 ndi 8. Mu njira yoyamba, woyambayo apambana ndi 69 kwa 57. Mu yachiwiri agonja, 51 kwa 69.

Njira yoyamba ndi yosavuta kuiteteza, chifukwa satifiketi imatsimikizika. Ya PMP, satifiketi ya oyang'anira mapulojekiti, mungaifufuze m'kaundula wa PMI, bungwe lomwe limaipereka. Koma masatifiketi salemera mofanana. PMP imafuna kuti munthu akhale atatsogolerapo kale mapulojekiti, pomwe PRINCE2 Foundation, satifiketi yoyambira ya PRINCE2, mungaipeze musanayendetsepo ntchito iliyonse.

Ine ndimakonda yachiwiri, ngakhale ili ndi msampha wake. Munthu amalemba bajeti ya pulogalamu yonse pomwe iye ankayang'anira kachigawo chabe. Mumuzindikira ndi mawu akuti "ndinatengako mbali". Ndisanapereke 8 uja pa kukula, ndimafuna kuona ndalama zomwe ankavomereza yekha, chiwerengero cha anthu omwe ankawatsogolera, komanso ngati ntchitoyo inatha pa nthawi yake. Zikasowa, ndimaimbira foni yemwe ankamuyang'anira.