Tebulo la malikisi lotaya kwizi yotsikitsitsa: mmene lagwirira materemu awiri

"Aphunzitsi, tebulo la mu Excel limene munayamba nalo chaka chino lija likukuthandizanibe? Nafe kuno ku Nkhotakota tikufuna kuliyesa."

Likugwirabe ntchito, aphunzitsi, ndipo pa kuwonkhetsa silinatinamizepo. Pasukulu yathu kuno ku Salima tinagawa motere: makwizi asanu peresenti 20, ntchito yokachitira kunyumba 20, mayeso otsekera teremu 60. Lipoti limene kale linkadya masiku ndi kakyuleta tsopano limatuluka tsiku lomwe tamaliza kuchonga. Koma pali malo amodzi pamene limapereka nambala yolakwa popanda chenjezo lililonse, ndipo ndi pa mwana amene sanalembe kwizi.

Makwizi athu ali m'mabokosi C2 mpaka G2, iliyonse pa 20. Fomula yotaya yotsikitsitsa, imene ili mu H2, ndi iyi:

```
=(SUM(C2:G2)-MIN(C2:G2))/(COUNT(C2:G2)-1)/20*100
```

Vuto lake n'lakuti MIN ndi COUNT siziwerenga bokosi lopanda kanthu, ngakhalenso lolembedwa mawu monga "wajomba". Tiyerekeze mwana wapeza 14, 16, 9 ndi 15, ndipo kwizi yachitatu sanabwere. Mukasiya bokosilo lopanda kanthu, tebulo liona makwizi anayi okha, litaya 9 uja, ligawa 45 ndi 3, mwanayo n'kupeza peresenti 75. Ndiye kuti wakhululukidwa kawiri: tsiku limene anajomba silinamukhudze, komanso kwizi imene analephera yachotsedwa. Mukalembamo 0, chotayidwa ndi ziro uja, 54 agawidwa ndi 4, ndipo apeza 67.5. Imeneyi ndiyo nambala yoona malinga ndi lamulo la kutaya imodzi yokha.

Ena amati kusiyanako n'kochepa chifukwa makwizi ndi peresenti 20 chabe. Koma onani mwana yemweyo atapeza peresenti 60 pa ntchito yakunyumba mu I2 ndi peresenti 39 pa mayeso aakulu mu J2, magawo atatu aja ali mu M1 mpaka M3:

```
=H2*$M$1+I2*$M$2+J2*$M$3
```

Ndi ziro, zonse pamodzi ndi 48.9. Popanda ziro ndi 50.4. Ngati malire okhoza pasukulu panu ali 50, bokosi limodzi loiwalika lamuwolotsa, pamene mnzake amene anabwera masiku onse watsala. Musaganize kuti kugawa ndi 4 nthawi zonse m'malo mwa COUNT kuthetsa nkhaniyi. Bokosi likakhala lopanda kanthu, 45 agawidwa ndi 4, mwanayo atsikira pa 56.25, kulangidwa kawiri tsopano.

Teremu yachiwiri ndiyo imaonetsa zimenezi poyera, chifukwa ndi nthawi ya mvula: malungo achuluka, mitsinje yadzaza, ana akumidzi satha kuwoloka. Mabokosi opanda kanthu amangoti mbwee. Ife tinagwirizana kuti wojomba popanda chifukwa alembedwe 0 tsiku lomwelo. Wodwala kapena wopita kumaliro amalemba ina akabwerako, ndipo zikakanika m'pamene bokosi limasiyidwa dala, aphunzitsi a kalasi akudziwa. Mu K2 tinaika `=COUNTBLANK(C2:G2)` kuti tisanasindikize lipoti tizitsika ndi maso n'kufunsa za aliyense amene sakuonetsa 0. Mwana wobwera mochedwa amene walemba kwizi imodzi yokha amatulutsa `#DIV/0!`, popeza 1 kuchotsa 1 ndi ziro. Ameneyo bola, chifukwa amaoneka yekha.

China chimene chimapweteka mwakachetechete ndi makwizi osiyana kukula. Wina akapereka kwizi ya pa 10 pakati pa za pa 20, mwana wopeza 8 pa 10 ndi 11 pa 20 amatayiridwa 8, pamene imeneyo ndiyo anakhoza bwino (peresenti 80, inayo 55). MIN imangoona nambala yaing'ono basi. Chongani zonse pa 20, apo ayi musinthe iliyonse ikhale pa 20 musanailowetse.

Zizindikiro za `$` mu `$M$1` musazichotse. Popanda izo, mukakokera fomula pansi nayonso M1 imatsika kukhala M2, ndipo mwana wachiwiri amawerengedwa ndi magawo olakwika. Mu M1, M2 ndi M3 mulembe 0.2, 0.2 ndi 0.6, ndipo pamodzi zizikwana 1.

Kutaya kwizi yotsikitsitsa pakati pa teremu sitikulimbikitsa. Makwizi akakhala awiri okha, tebulo limasunga yabwino yokhayo, malikisi n'kuoneka okwera, makolo n'kumasangalala ndi nambala imene idzatsika. Ife timayamba kuonetsa H2 kwa ana makwizi akakwana anayi.

Ngati mukuyamba teremu ikubwerayi, tsekani mabokosi a mafomula ndi Protect Sheet, musiye otsegula a malikisi okha, chifukwa laputopu ya m'chipinda cha aphunzitsi imagwiridwa ndi manja ambiri ndipo wina akalemba nambala pamwamba pa fomula simudziwa. Lamulo la ziro ndi bokosi lopanda kanthu mulilembe pamwamba pa tebulo, aphunzitsi onse agwirizane nalo kwizi yoyamba isanalembedwe.