Ndime yoyamba popempha mpamba wa mapampu: tiyambe ndi njala, mlimi, kapena malonda?

Anzanga amene mukugulitsa mapampu othirira kwa alimi a m'madimba, mukamalembera munthu woti aike ndalama mu bizinesi yanu, ndime yoyamba ndiyo imamuuza ngati kuli koyenera kuwerenga yachiwiri. Kaya mudzailemba m'Chingerezi, maganizo ake ndi omwewa. Ndayerekeza mayambidwe atatu a kampani imodzimodzi yongoganizira, ndipo manambala a malonda ndi mitengo m'zitsanzozi ndi ongoyerekezanso. Inu muikepo anu enieni.

Mayambidwe oyamba ndi amene ambirife timathamangira:

"Alimi ambiri m'Malawi amadalira mvula yomwe imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo basi. Nyengo ikusintha, njala ikubwera pafupipafupi, pomwe madzi ali mbwee m'nyanja ndi m'mitsinje. Kampani yathu ikubweretsa mapampu otsika mtengo kuti mlimi aliyense azikolola chaka chonse."

Palibe bodza m'menemu, koma mulibenso chimene wowerengayo sakuchidziwa. Mawu omwewa akhoza kulembedwa ndi wogulitsa mbewu kapena womanga madamu. Choopsa kwambiri n'chakuti ndimeyi imamveka ngati pempho la thandizo. Munthu wodziwa mbiri ya ulimi wothirira kuno akumbukira mathiredo pampu amene boma ndi mabungwe anagawa aulere kapena pamtengo wochotsera, ndipo funso lake likhala lakuti: mlimi amene anazolowera kulandira agulirenji kwa inu? Mayambidwe awa amagwira ntchito ngati mukulembera bungwe lopereka ndalama zosabweza. Kwa wofuna phindu, ndi ofooka.

Achiwiri amayambira pa dimba lenilenilo:

"Mlimi wa tomato amene ali ndi dimba la kota ya ekala amafunika malita pafupifupi 5,000 a madzi pa tsiku nthawi yotentha. Ndi makeni awiri a malita 10, amenewo ndi maulendo 250 kuchoka pachitsime. Palibe amene amakwanitsa, choncho amangolima kachigawo ka dimbalo. Pampu yathu imatulutsa madzi omwewo m'maola awiri."

Awa ndimawakonda, chifukwa wowerenga akhoza kutenga cholembera n'kutsimikiza yekha. Kota ya ekala ndi masikweya mita pafupifupi 1,000. Mbewu zamasamba m'miyezi yotentha ngati Okutobala zimamwa madzi okwana mamilimita 5 kapena kuposerapo pa tsiku, ndipo milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Mukachulukitsa mupeza 5,000. Mukagawa ndi malita 20 a ulendo umodzi mupeza 250. Ndimeyi yasonyezanso chinthu chimene yoyamba ija inaphonya: chimene chimachepetsa dimba la mlimi wotere nthawi zambiri si malo kapena madzi, koma msana ndi mapewa a wothirirayo. Aliyense amene ananyamulapo makeni m'dambo kuyambira m'mamawa akudziwa zimenezi.

Koma samalani ndi chiganizo chomaliza. Mukanena maola awiri mwalonjeza malita 2,500 pa ola, ndipo wodziwa mapampu afunsa kuti madziwo akuchokera pakuya bwanji. Pampu yokhala pamtunda n'kumakoka madzi, kaya ndi yopalasa, ya petulo kapena ya dzuwa, siingakoke kupitirira mamita 7 kapena 8, ndipo madzi akamatsika m'chitsime chakumapeto kwa chilimwe, otuluka kupaipi amachepanso. Nambala yolembedwa pabokosi ndi ya pamene zonse zili bwino. Lembani imene munayeza nokha pa dimba, ndi ndowa ndi wotchi, ndipo mutchule kuya kwake.

Chosowa china m'ndimeyi n'chakuti ikutsimikiza kuti mlimi akuifuna pampu, osati kuti alipira. Apa ndi pamene mayambidwe achitatu amapambanira:

"Chilimwe chathachi tinagulitsa mapampu 120 kwa alimi a tomato ndi anyezi ku Dedza ndi ku Ntcheu, pa K400,000 iliyonse. Mlimi amapereka K100,000 potenga pampu, zotsalazo amamaliza akayamba kukolola, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Alimi 96 amaliza kale kulipira. Tikufuna mpamba woti tiitanitse mapampu 500 isanafike Epulo."

Ndime iyi ilibe chifundo chilichonse, koma yayankha mafunso anayi a mwini ndalama: akugula ndani, pamtengo wanji, akubweza kapena ayi, ndipo ndalama zanga mukachita nazo chiyani. Taonani kuti mawu akuti "otsika mtengo" sanalembedwe. K400,000 si ndalama yochepa kwa mlimi wa kumudzi, ndipo kuitchula yotchipa kungangodzutsa mtsutso. Chimene chikusonyeza kuti mtengowo ndi wotheka n'chakuti alimi 8 mwa 10 aliwonse amene anatenga pampu aufikira.

Kalipiridwe kamene katchulidwako kakusonyezanso kuti wolembayo amalidziwa dimba. Tomato amatenga miyezi iwiri kapena itatu chiwokereni kuti ayambe kuthyoledwa. Mukadalemba kuti mlimi amapereka K50,000 mwezi uliwonse kuyambira tsiku lotenga pampu, wowerenga watcheru akadaona kuti miyezi yoyambirirayo mlimi alibe chogulitsa, pomwe akugulanso feteleza ndi mankhwala. Kutchula Epulo nakonso si kwachabe: mvula ikangosiya anthu amalowa m'madimba, ndipo pampu yofika mu Ogasiti yaphonya gawo lalikulu la msika wa chaka chimenecho.

Mayambidwe achitatuwa ali ndi misampha yakeyake. Waukulu ndi kusakaniza mapampu ogulitsidwa kwa alimi ndi ogawidwa. Ngati mwa mapampu 120 aja 80 anagulidwa ndi bungwe limodzi kuti likagawe, ndiye kuti muli ndi wogula mmodzi wamkulu ndi alimi 40, ndipo muyenera kulemba choncho, pakuti akadzafufuza m'mabuku adzazipeza. Wina ndi wa alimi 24 aja amene sanamalize kulipira. Mudzafunsidwa ngati angochedwa, ngati pampu inawonongeka n'kusowa zipangizo zosinthira, kapena ngati tomato anachuluka pa Lizulu mtengo n'kugwa. Yankho lililonse likuloza vuto losiyana, choncho lidziweni musanatumize. Pali nkhani ya kwachanso. Ngati mapampu mumaitanitsa ndi madola koma alimi amalipira makwacha patapita miyezi, kugwa kwa kwacha konga kwa 44 peresenti mu Novembala 2023 kukhoza kudya phindu lonse. Izi sizilowa m'ndime yoyamba, koma nambala ya mapampu 500 ikhale yowerengedwa mukuzikumbukira.

Ndiye tisankhe iti? Ngati mwagulitsapo ndipo mabuku anu ali bwino, yambani ndi malonda, kenako mubwereke chiganizo chimodzi cha maulendo 250 aja kuti wowerenga amvetse chifukwa chimene alimi akulipirira. Anthu amene amaika ndalama mu ulimi wothirira amadziwa za KickStart ndi mapampu ake a MoneyMaker, komanso za SunCulture ndi Futurepump amene amagulitsa mapampu a dzuwa ku Kenya. Sakufunika kuwatsimikizira kuti pampu imathandiza. Akufuna kudziwa ngati inu mungaifikitse ku Bembeke, n'kuikonza ikawonongeka, ndalama n'kubwera.

Ngati simunagulitsepo, musakometse manambala a anthu amene anangolonjeza pakamwa. Yambani ndi dimba, mupereke zimene munayeza, ndipo munene poyera kuti mpamba mukuufunawo ndi woyesera mapampu 30 kwa alimi olipira okha m'chilimwe chimodzi. Chaka chamawa, alimi 30 amenewo ndi malisiti awo ndiwo adzakhale chiganizo chanu choyamba.