Sienta ndi yabwino, koma bambo amene anandigulitsa ayi

Ndikupereka nyenyezi ziwiri, ndipo ziwirizo ndi za galimoto, osati za bambo amene anandigulitsa pa yadi ina ku Lilongwe. Mtengo wa Sienta yakale ija mukuudziwa kale. Chimene sakuuzani ndi ndalama zimene zimatuluka makiyi ali kale m'thumba.

Bamboyo analumbira kuti sevisi yonse achita, ine ndizingothira mafuta. Miyezi ingapo itadutsa, galimoto inayamba kunjenjemera ponyamuka, makamaka pamtunda. Ukaponda moto injini imalira kwambiri koma liwiro osawonjezeka, ndipo pansi pamamveka kulira kwa mluzu. Makaniko atatsegula chibeseni cha giyabokosi, maginito a m'menemo anali atadzaza tizitsulo. Anandifunsa kuti, "Akulu, oyilo ameneyu anathira ndani?" Anyamata a pa yadi paja anathira ATF wamba, wa magalimoto a otomatiki akale, pomwe giyabokosi imeneyi ndi ya CVT. Mkati mwake mulibe magiya osinthasintha. Muli lamba wachitsulo amene amayenda pakati pa mapule awiri, ndipo amafuna oyilo wakewake kuti agwire. Ndi oyilo wolakwika lambayo amaterera n'kumakanda mapule, ndipo akakandika palibe zoti tisinthe oyilo zitheke. Ndinagula giyabokosi ina yochotsa pa galimoto yangozi, yopanda chitsimikizo chilichonse, kuwonjeza oyilo woyenera ndi ya makaniko. Zonse pamodzi zinaposa inshuwalansi ndi matayala a chaka chonse. Nditabwerera pa yadi, bamboyo anangoti galimoto ikatuluka pageti si yawonso. Panopa foni yanga sayankha.

Zipangizo zonsezi zimachokera kunja, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya m'mashopu inasintha nthawi yomweyo, malipiro athu ali pomwepo.

Zinazo ndi zodziwika. Oyilo wa injini, pafupifupi malita 4, ndi fyuluta pa makilomita 5,000 aliwonse. COF ndi inshuwalansi chaka ndi chaka. Ulendo wa ku Blantyre umalipira pa Kalinyeke ndi pa Chingeni, pobwerera chimodzimodzi. Galimotoyi ndi yotsika, choncho maenje a nthawi ya mvula amadya mabushi ndi mashoko msanga, ndipo mabushi akatha matayala akutsogolo amatha mbali imodzi.

Komabe galimotoyo sindingainamizire. Chisinthireni giyabokosi sinandisiyepo panjira, mafuta imamwa pang'ono moti lita imodzi imandiyendetsa makilomita oposa 12 m'tauni, ndipo tonse 7 timakwana popita kumudzi. Mwina nyenyezi zikhale zitatu. Mukamagula yanu, pitani ndi makaniko wanu, aikwezetse mtunda injini itatentha, ndipo wogulitsa akati anasintha oyilo wa giyabokosi, akuonetseni chigubu chimene anathiramo.