Kuchoka ku Tete kupita ku Joni: ndege yolunjika kapena yodzera ku Maputo?

Pa bwalo la ndege la Chingozi ku Tete pali njira ziwiri zopitira ku Johannesburg: kukwera Airlink yolunjika, kapena LAM mpaka ku Maputo kenako n'kusintha ndege. Mitengo ikayandikana, ine ndimasiya kuwerenga mametikali, ndimayamba kuona mbiri ya ndege iliyonse.

Tengani nambala ya ulendo. Ya LAM imayamba ndi TM, ya Airlink ndi 4Z. Ilembeni pa Flightradar24, tsamba la pa intaneti lotsata ndege, pomwe mbiri ya masiku 7 imaoneka mwaulere. Yerekezani STA, nthawi yoyenera kufikira, ndi nthawi yolembedwa pa Landed. Makampani amati ndege yasunga nthawi ngati sinachedwe kupitirira mphindi 15. Koma dziwani kuti chiwerengero chotere nthawi zambiri chimangowerenga maulendo amene anachitika. Olephereka, olembedwa Canceled, muwawerenge paokha. Mukaona Unknown musafulumire kuti inalephereka, chifukwa kuno zida zotsata ndege n'zochepa. Onaninso pa FlightAware, tsamba lina lotere.

Yolunjika ikachedwa maola awiri, mungofika mochedwa, basi. Vuto lake lili pa kulephereka, choncho funsani kuti imauluka masiku ati pa mlungu. Ngati yotsatira ili mkuja, munthu wochokera ku Ulongwe, amene wakhala maola ambiri m'chapa, alipira malo ogona m'kutentha kwa Tete.

Yodzera ku Maputo ndiyo imafuna diso, chifukwa ndege ndi ziwiri ndipo kuchedwa pang'ono kumabala tsoka lalikulu. Tiyerekeze kuti pakati pa kutera ndi kunyamukanso pali mphindi 90. Pamndandanda mwaona maulendo asanu ndi awiri: anayi anafika bwino, umodzi unachedwa mphindi 25, awiri anachedwa kupitirira ola. Wa mphindi 25 uja usakuopseni. Awiri enawo ndiwo nkhani, pakuti ku Maputo muyenera kudinditsa pasipoti ndi kusechedwanso, ndipo chipata chimatsekedwa ndege isananyamuke. Masiku awiriwo mukanatsala. Ngati maulendo onse ali pa tikiti imodzi, kampani ikuikani pa ndege yotsatira. Mukagula matikiti awiri osiyana, wachiwiriyo angathe kungopsa.

Onaninso kumene ndege yanu ikuchokera. Imene imakutengani pa Chingozi imayamba yatera kuchokera kwina, ndiye ikanyamuka mochedwa uko, inunso mwachedwa. N'chifukwa chake maulendo a madzulo amasenza kuchedwa kwa tsiku lonse.

Mlungu umodzi ndi wochepa, makamaka nyengo ya dzinja, choncho muzilemba zimene mwaona kwa milungu itatu musanagule. Pa ulendo wa kuchipatala kapena wa mayeso, ine ndingatenge yolunjika, n'kunyamuka kukadali ulendo wina umodzi woti ungandipulumutse. Yodzera ku Maputo ndingaitenge pokhapokha ili pa tikiti imodzi ndipo mpata wosinthira ukukwana maola atatu.