Bajeti yokasindikiza: Word kapena Excel?

Asungichuma a gulu lathu ku Chinamwali anabwera ndi bajeti yamasamba atatu yolembedwa mu Word. Inkaoneka bwino ndithu, koma atasintha mtengo wa simenti, chiwonkhetso chinatsala chakale chomwe, poti `=SUM(ABOVE)` sawerengeranso yekha mpaka mutadina F9. Mu Excel chiwonkhetso chimasintha chokha, ngakhale patsamba lachidule, bola mwalilumikiza ndi fomula ngati `=Bajeti!D40`.

Ambiri amapunthwa pa MK. Mu Word mumalemba pamanja n'kukankhira manambala onse kumanja. Mu Excel musayerekeze: mukalemba "MK 45,000" m'kabokosi imasanduka mawu, ndipo SUM imaidumpha mwakachetechete. Mudzaidziwa poti imatsamira kumanzere. Lembani 45000 basi, kenako pa Format Cells, Custom, ikani:

```
"MK" #,##0.00
```

Kuti mitu izioneka patsamba lililonse, mu Word ndi Repeat Header Rows, mu Excel ndi Print Titles.

Excel amavuta posindikiza: ndime yakumapeto imathawira papepala lina, inu n'kulipira masamba owonjezera. Sankhani A4 ndi Fit All Columns on One Page.

Bajeti yaifupi yolowa m'kalata yopempha thandizo, Word akwanira. Yagulu yosinthasintha mwezi ndi mwezi, tengani Excel.